Mafunso asanu, yankho limodzi

Aliyense amene anamangitsapo nyumba ali kutali akulidziwa yankho lija lakuti "Zonse zili bwino." Munthu walemba uthenga wautali, wafunsa za njerwa, za simenti, za mmisiri ndi za malata. Patapita maola angapo foni ilira, ndipo chimene chabwera ndi mzere umodzi: "Zonse zili bwino achemwali, musadandaule." Mawuwa ndi okhazika mtima pansi, koma sungagule nawo malata, sungalipire nawo mmisiri, ndipo sukudziwa ngati ndalama imene unatumiza sabata yatha inakwanira. Ambiri amafulumira kuganiza kuti wakumudziyo akubisa zinazake. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri vuto limakhala pa kalembedwe ka uthengawo, ndipo mankhwala ake ndi otchipa: funso lililonse likhale pa mzere wakewake, lili ndi nambala yake.

Tiyerekeze mayi wina amene akugwira ntchito ku Joni ndipo akumangitsa nyumba ya zipinda zitatu kwawo ku Ntcheu. Akuyang'anira ntchitoyo ndi achimwene ake. Nyumba yafika pa lintala, mwezi ndi Okutobala, mvula ili pafupi. Madzulo ataweruka, mayiyo alemba pa WhatsApp motere:

"Achimwene muli bwanji kumeneko ife kuno tili bwino, ndimafuna ndidziwe ngati ndalama ija munalandira komanso simenti yatsala bwanji chifukwa mmisiri anandiuza kuti ikhoza kuperewera ndiye mwina tigule ina, nanga za malata zija mwayeza kapena ayi ndimafuna ndiodeletu mvula isanayambe, komanso mmisiri akufuna zingati kuti akhome denga paja ananena kuti auza inu, njerwa zija zinakwana? Moni kwa amayi."

Achimwene awerenga ali kumsika, dzuwa likuwala pa foni. Ayankha: "Tili bwino achemwali. Njerwa zinakwana, amayi alandira moni."

Sananame, ndipo sanazembe dala. Ayankha zimene zinatsala m'mutu atafika kumapeto kwa uthengawo, moni woyamba ndi zinthu ziwiri zomaliza. Mu uthenga wonse uja muli chizindikiro cha funso chimodzi chokha, pa njerwa, ndiye diso likabwerera kukafufuza chimene chafunsidwa limatera pomwepo. Za ndalama, za simenti, za malata ndi za malipiro a mmisiri zamira pakati pa "komanso", "ndiye" ndi "nanga". Funso la malipiro lija silikumveka n'komwe ngati funso, likumveka ngati mayiyo akungokumbutsa zimene mmisiri ananena.

Akatswiri ofufuza mmene anthu amakumbukirira zinthu anaziona kalekale zimenezi. M'chaka cha 1962, Bennet Murdock anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene ankapatsa anthu mndandanda wa mawu kenako n'kuwauza kuti atchule amene akuwakumbukira. Mawu oyambirira ndi omalizira ndi amene ankakumbukika, apakati ankasowa. Mnzake wina, Nelson Cowan, analemba mu 2001 kuti zinthu zimene munthu angazisunge m'mutu nthawi imodzi ndi pafupifupi zinayi. Wina anganene kuti uthenga ndi wolembedwa, munthu safunika kuuloweza. Koma taonani zimene zimachitika pa foni. Mukangokhudza malo olembapo yankho, mabatani olembera amakwera n'kuphimba pafupifupi theka la galasi, ndipo uthenga mukuyankhawo umakankhidwira m'mwamba. Zotsala poonekera ndi mizere yake yomalizira. Pamenepo woyankha akulemba zapamtima, ndipo kuti abwerere kukawerenganso pafunika kuti akhale ndi chifukwa chomukayikitsa kuti pali chimene wasiya. Uthenga wa mayi uja sukumupatsa chifukwa chotero.

Tsopano tiulembenso.

"Achimwene, mwaswera bwanji? Kuno tili bwino. Moni kwa amayi.

Ndikufuna kuoda malata Loweruka lino mvula isanayambe, ndiye ndili ndi mafunso 5. Chonde mundiyankhe potchula nambala, ngakhale pamene simunadziwe mungolemba kuti simunadziwe.

1. Malata akufunika angati?
2. Akhale otalika mafiti angati?
3. Mmisiri akufuna ndalama zingati kuti akhome denga?
4. Simenti yatsala matumba angati osatsegula?
5. K400,000 imene ndinatumiza Lolemba munailandira?"

Mawu ake ndi ofanana kuchuluka ndi a uthenga woyamba, mwinanso ochepa. Koma tsopano achimwene akangouona, asanawerenge n'komwe, akudziwa kuti ntchito ili patsogolo pawo ndi yotani: zinthu zisanu. Akalemba mayankho atatu n'kufuna kutumiza, iwo eni aona kuti atatu si asanu.

Ntchito yeniyeni ya nambala ili pamenepa, ndipo anthu ambiri saimvetsa. Amaganiza kuti manambala ndi okongoletsa uthenga, kuti uoneke ngati wolembedwa ndi munthu wa mu ofesi. Ayi. Nambala imapatsa funso dzina, ndipo funso likakhala ndi dzina, kusowa kwa yankho lake kumaoneka. Mu uthenga woyamba uja, funso la simenti litasiyidwa panalibe chimene chinasonyeza kuti lasiyidwa. Mu wachiwiriwu, yankho likabwera la 1, 2, 3 ndi 5, ngakhale mwana wa sitandade 2 aona kuti 4 palibe. Ndipo wofunsa safunika kubwereza nkhani yonse. Alemba mawu awiri, "Nanga 4?", basi.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Akhristu amatchula chaputala ndi vesi mpingo wonse n'kutsegula malo amodzi, koma Baibulo silinalembedwe ndi manambala amenewo. Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano amene tikugwiritsa ntchito lero anawaika ndi wosindikiza mabuku wa ku France, Robert Estienne, m'chaka cha 1551. Mawu sanasinthe, koma kuyambira pamenepo munthu anatha kuloza chiganizo chimodzi pakati pa masauzande popanda kuchiwerenga chonse.

Funso limodzi pa nambala imodzi

Apa ndi pamene ambiri amagwera ngakhale ataphunzira kuika manambala. Mayi uja akanatha kulemba kuti: "1. Malata mwayeza, ndipo akufunika angati, otalika bwanji?" Nambala ndi imodzi koma mafunso ndi atatu. Achimwene akanayankha kuti "1. Eya tayeza", ndipo poona akanaoneka kuti ayankha. Zoterezi n'zoipa kuposa kusaika manambala, chifukwa mpata uja wabisika. Mndandanda ukuoneka wathunthu, aliyense wakhutira, koma Loweruka mayiyo akaimbira wogulitsa malata adzapeza kuti sakudziwa chooda.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Werengani funso lanu, mukapezamo "komanso", "ndipo" kapena "nanga", imani. Dzifunseni ngati munthu angayankhe mbali imodzi n'kusiya inayo. Ngati angatero, ndi mafunso awiri, aliyense apatsidwe nambala yake. N'chifukwa chake chiwerengero cha malata ndi kutalika kwake tazilekanitsa kukhala 1 ndi 2, ngakhale zonse zikukhudza denga limodzi. Malata amagulitsidwa potengera kutalika, ndipo malata 30 a mafiti 10 si malata 30 a mafiti 12. Akabwera aafupi, mmisiri ayamba kulumikiza pakati pa denga, ndipo polumikiza paja ndi pamene pamadzadontha.

Taonaninso kuti funso loti "mwayeza kapena ayi" talichotsa. Mayiyo sakufuna kudziwa ngati anthu ayeza, akufuna chiwerengero. Funso lofuna "eya" kapena "ayi" limalandira "eya" kapena "ayi", ndipo woyankha sanalakwe. Ngati chimene mukufuna ndi nambala, funsani ndi "angati" kapena "zingati". Ngati ndi tsiku, funsani "tsiku liti", osati "posachedwa kodi". Ndipo tchulani muyeso wake. "Simenti yatsala bwanji?" angayankhe kuti "yatsala pang'ono", mawu amene kwa mmisiri akutanthauza matumba awiri pomwe kwa achimwene akutanthauza asanu ndi limodzi. "Matumba angati osatsegula?" akukakamiza munthu kudzuka, kulowa m'chipinda mosungiramo n'kuwerenga. Mawu akuti "osatsegula" ali ndi ntchito: thumba la makilogalamu 50 lotsegula kale, lokhala pansi pa chinyezi, likhoza kukhala litayamba kuuma, ndipo kuliwerengera ngati lathunthu ndi kudzinamiza.

Funso lachisanu lokha ndi lofuna "eya" kapena "ayi", ndipo lili bwino choncho chifukwa latchula ndalama yake ndi tsiku lake. "Ndalama ija" ndi mawu oopsa pakati pa anthu amene amatumizirana ndalama mwezi ndi mwezi, lero pa Mukuru, mawa kudzera kwa mnzawo wokwera basi. Wina akunena ya Lolemba, mnzake akuvomera ya mwezi watha, onse akunena zoona.

Chinanso: pa manambala pakhale mafunso okhaokha. Anthu ena akazolowera mndandanda amayamba kuponyamo chilichonse. "1. Moni kwa amayi. 2. Kuno kukuzizira. 3. Simenti yatsala ingati?" Woyankha akaona kuti 1 ndi 2 sizikufuna yankho, amaleka kuwerenga manambala ngati ngongole yoti abweze, ndipo 3 amamira limodzi ndi anzake. Moni, nkhani ndi zifukwa zikhale pamwamba, m'mawu wamba. Malangizo, monga "musagule matabwa ndisanakuuzeni", akhale paokha pansi kapena mu uthenga wina. Lamulo lake ndi lakuti nambala iliyonse imene yapita iyenera kubwerera.

Za ndondomeko, ine ndimaika patsogolo funso limene likachedwa kuyankhidwa ntchito iima. Mayi uja akuoda malata Loweruka, ndiye 1 ndi 2 ndi za malata. Foni ya achimwene ikazima ali pakati poyankha, kapena netiweki ikathawa, zofunika kwambiri zikhala zitadutsa kale. Pali ena amene amakonda kuyamba ndi funso losavuta kuti woyankha alowe m'njira. Zimenezo zimathandiza pa mafunso a kafukufuku, pamene wofunsa wakhala pansi ndi woyankha kwa theka la ola. Pa uthenga wa pa foni sindikuona phindu lake. Chimene muyenera kupewa ndi kubisa funso lowawa pakati, ngati kuti mukuchita nalo manyazi. Funso la malipiro a mmisiri lili pa 3, pakati penipeni, koma poti lili ndi nambala yake komanso mzere wake, silingabisale.

Tiyeni tione yankho la achimwene litabwera:

"1. 32
2. 10
3. Sanabwere lero, ndimufunsa mawa
5. Eya ndinalandira Lachiwiri"

Ili ndi yankho logwirika. Mayiyo adziwa zinthu zitatu, ndipo pa chachinayi adziwa chifukwa chimene sichinadziwike ndi tsiku loyembekezera. Yankho la 3 labwera chifukwa cha chiganizo chija chakuti "ngakhale pamene simunadziwe mungolemba kuti simunadziwe". Popanda chilolezo chimenecho anthu ambiri, makamaka poyankha munthu amene akutumiza ndalama, amachita chimodzi mwa ziwiri: amadumpha funsolo, kapena amadikira kuti adziwe zonse n'kuyankha kamodzi, uthenga n'kugona masiku atatu. Oipitsitsa amangopeka nambala kuti mndandanda udzaze.

Koma muli zinthu ziwiri zofunika kukonza. Choyamba n'choonekeratu, 4 palibe. Chachiwiri n'chobisika. Mzere wakuti "2. 10" ndi manambala okhaokha, ndipo pa kafoni kakang'ono "2. 10" amatha kuoneka ngati 2.10, zimene wogulitsa angaziwerenge ngati mamita. Choncho mayiyo abwereze zimene wamva m'mawu athunthu:

"Zikomo achimwene. Ndamva kuti malata 32 a mafiti 10. Ngati ndalakwitsa mundiuze ndisanaode.
3 ndidikira mawa.
Nanga 4?
Ndaonjeza limodzi:
6. Mmisiri akufuna malata a geji 28 kapena 30?"

Funso latsopanoli lapatsidwa 6, osati 1. Ichi n'chinthu chaching'ono chimene chimapulumutsa anthu ku chisokonezo chachikulu. Nkhani ikadali yomweyo, ndipo mafunso 3 ndi 4 akadali panjira. Mayiyo akanayambiranso pa 1, mawa lake achimwene n'kulemba kuti "1. 30", sakanadziwa ngati akunena geji 30 kapena akukonza chiwerengero cha malata kuchoka pa 32 kufika pa 30. Nambala ikangopatsidwa funso, ikhale ya funso lomwelo mpaka nkhaniyo itatha. Pa chifukwa chomwechi musasinthe manambala mutatumiza kale. WhatsApp imalola kukonza uthenga m'mphindi 15 zoyambirira, koma ngati mnzanu wawerenga kale ndipo akulemba yankho, inu n'kulowetsa funso latsopano pakati, 4 wake sakhalanso 4 wanu.

Funso la 6 lasonyezanso njira ina yofupikitsira ntchito ya woyankha, kumupatsa zosankha. Achimwene mwina sakudziwa kuti malata ali ndi mageji, ndipo akanafunsidwa kuti "malata amtundu wanji" akanayankha kuti "abwino". Atapatsidwa 28 kapena 30 ali ndi chokafunsa mmisiri. Paja nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lochindikala, 28 ndi lolimba kuposa 30, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Zosankha zikachuluka zilembeni ndi zilembo, (a), (b), (c), kuti zisasokonezeke ndi manambala a mafunso. Yankho lakuti "6b" silingamveke mwanjira ina.

Zala ndi foni

Kalembedwe kake pa foni n'kosavuta. Lembani nambala, kadontho, mpata umodzi, kenako funso, monga `1. ` ndipo mukamaliza pitani pa mzere watsopano. Kuyambira mu Febuluwale 2024, WhatsApp imazindikira kalembedwe kameneka n'kukonza yokha mizereyo kukhala mndandanda. Pa foni batani lopitira pa mzere wina silitumiza uthenga pokhapokha ngati munasintha dala. Pa kompyuta ndi zosiyana: `Enter` amatumiza, ndiye kuti mutsike mzere dinani `Shift` ndi `Enter` pamodzi. Amene sadziwa zimenezi amapezeka atatumiza funso lililonse palokha.

Kutumiza funso lililonse palokha kuli ndi oikira kumbuyo ake. Amati pa WhatsApp munthu akhoza kukoka uthenga uliwonse n'kuuyankha pawokha, funso n'kuoneka pamwamba pa yankho. Ndi zoona, ndipo pakati pa anthu awiri amene onse ali pa foni nthawi yomweyo zimayenda. Koma achimwene athu amayatsa bandulo kamodzi madzulo, mauthenga 40 ochokera kumagulu osiyanasiyana n'kulowa nthawi imodzi. Mauthenga asanu osiyana sanena kuti ndi asanu. Woyankha akoka awiri, wina amuitana, ndipo pobwerera aona omalizira okha. Ngati mukonda kutumiza padera, ikanibe manambala ndipo nenani poyamba kuti alipo angati.

Kutalika nakonso kuli ndi malire. Uthenga ukatalika kwambiri WhatsApp imaudula n'kuika mawu akuti `Read more` pansi, ndipo si onse amene amadina pamenepo. Ichi ndi chifukwa china chonenera chiwerengero cha mafunso pamwamba. Munthu amene wauzidwa kuti mafunso ndi 5 koma akuona 3 adziwa kuti pali zina pansi.

Ngati wakumudziyo ali ndi foni ya mabatani ndipo mukulemba SMS, werengerani malo. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera mipata yomwe, ndipo uthenga ukapitirira umagawidwa m'zidutswa za zilembo 153, chilichonse cholipiridwa pachokha. Pali msampha umene umagwira olemba Chichewa mosamala: chilembo cha ŵ sichili m'gulu la zilembo wamba za SMS. Mukachiika ngakhale kamodzi, kapena mukaika kachithunzi kankhope kosekerera, malire amatsika kufika pa zilembo 70. Pa SMS mafunso atatu aafupi ndi okwanira, ndipo moni afupike.

Nanga mafunso angachuluke kufika pati? Ine ndikaona apitirira asanu kapena asanu ndi limodzi ndimayamba kukayika. Si kuti manambala amaleka kugwira ntchito, koma munthu akatsegula foni n'kuona 1 mpaka 12 amanena mumtima kuti "ndiyankha ndikakhala pansi", ndipo kukhala pansiko sikufika. Mafunso khumi ndi awiri kawirikawiri amakhala nkhani zitatu zosakanikirana. Za denga zipite lero, za fizi ya ana mawa, za feteleza zidikire Lamlungu. Mukapeza kuti funso lina likudalira yankho la linzake, monga kufunsa mtengo wonyamulira malata musanadziwe kuti ndi angati, lisungeni kaye.

Pamene manambala amaluma

Tisabise, mndandanda wa manambala ukhoza kumveka mwano. Munthu wamkulu akalandira 1, 2, 3 kuchokera kwa mwana wake, popanda moni kapena chifukwa, amamva ngati wapatsidwa pepala la mayeso a MANEB, ndipo ena amafika pofunsa kuti "kodi ndine wantchito wako?" Pa nkhani ya ndalama zimaipiraipira, chifukwa mafunso ondandalikidwa amaoneka ngati kafukufuku wa wakuba. Achimwene amene akhala miyezi akupsa ndi dzuwa pamalo omanga popanda malipiro sangasangalale kuwerengedwa ngati wogwidwa.

Zimenezi sizichotsa manambala, zimangofuna kuti mawu ozungulira manambalawo agwire ntchito yawo. Moni akhale wathunthu, monga mmene mukanaperekera pamaso. Chifukwa chofunsira chinenedwe, ndipo mu uthenga wathu uja chanenedwa: malata akuodedwa Loweruka. Munthu akadziwa kuti mayankho ake akupita kukagwira ntchito yanji, saona ngati akuyesedwa. Mtolo wa manambalawo muusenze nokha, mwachitsanzo: "Pepani malume, ndaika manambala kuti ineyo ndisasokoneze pokopera mayankho anu." Ndipo mkati mwa mafunsomo ulemu usachoke. "Kodi mungakonde kuti mwambowo uchitike tsiku liti?" likhoza kukhala pa nambala 2 popanda kutaya ulemu wake.

Pali nkhani zina zimene sindingaziike pa manambala ngakhale zitavuta bwanji. Kufunsa wodwala mmene akumvera, kufunsa mnzako chimene chamukhumudwitsa, kufunsa anamfedwa mmene zinachitikira, zimenezi n'zoimbira foni kapena zopitira. Koma taonani kuti pa maliro pomwepo pali mbali ina imene imafuna manambala kwambiri. Amene akuyendetsa za galimoto, bokosi ndi chakudya ali ndi mafunso ofuna mayankho achangu kuchokera kwa anthu otopa ndi osagona, ndipo kwa iwowo mndandanda waufupi ndi chifundo.

M'magulu a WhatsApp, a banja, a mpingo kapena a banki m'khonde, pamabuka vuto lina. Mafunso asanu oponyedwa kwa anthu 30 sayankhidwa ndi aliyense, chifukwa yense akuganiza kuti mnzake ayankha. Kapena anthu khumi ayankha funso losavuta, lovuta n'kutsala. Apa nambala iyende ndi mwini wake: "1. Amsungichuma: m'thumba mwatsala zingati? 2. Alembi: kalata ya kwa amfumu inapita? 3. Tonse: Loweruka kapena Lamlungu?" Mpata ukaoneka, umaoneka pamodzi ndi woyenera kuutseka, ndiye gwiritsani ntchito njirayi mosamala, chifukwa kufunsa "nanga 1?" pagulu ndi kuloza munthu chala anthu akuona. Chikumbutso choyamba chipite kumbali.

Ambiri kwathu amakonda uthenga wa mawu kuposa kulemba, ena chifukwa cha maso, ena chifukwa kulemba kumawavuta. Manambala amagwirabe ntchito pakamwa. Yambani ndi kunena kuti "ndili ndi mafunso atatu", kenako "loyamba", "lachiwiri", "lachitatu", mukupuma pang'ono pakati. Koma pakamwa musapitirire atatu, chifukwa womvera sangayang'ane m'mbuyo monga amachitira pa zolembedwa, ndipo kubwereza uthenga wa mphindi zinayi kuti apeze funso lachiwiri ndi ntchito imene ochepa angaichite. Ngati achimwene ayankha ndi mawu, palibe vuto, koma mayiyo alembe yekha zimene wamva, ndi manambala ake, n'kuwatumizira kuti avomereze. Ziwerengero zonenedwa pakamwa pali mphepo ndi phokoso la msika zimamveka molakwika mosavuta, ndipo pakadzabuka mkangano miyezi itatu kutsogolo, kufufuza m'mauthenga a mawu n'kovuta pomwe zolembedwa zimapezeka msanga.

Tibwerere ku 4 uja, wa simenti. Mayiyo wafunsa kuti "Nanga 4?" Ngati achimwene anangoiwala, yankho libwera msanga: "Pepani, matumba 6." Nkhani yatha. Koma tiyerekeze kuti mawa lake abwera ndi yankho la 3 ndi la 6, mmisiri akufuna zakutizakuti, geji 28, koma 4 palibenso. Kudumpha kamodzi ndi kuiwala. Kudumpha kawiri funso lomwelo, pamene ena onse akuyankhidwa bwinobwino, kukunena kanthu. Mwina simenti inanyowa ndipo akuopa kunena. Mwina matumba ena anabwereketsa kwa aneba akuyembekeza kuti abwezedwa asanafunsidwe. Mwina kiyi wa chipindacho ali ndi mmisiri. Mndandanda sungakuuzeni kuti chifukwa ndi chiti, ndipo kulemba "Nanga 4?" kachitatu kumangoumitsa mitima. Apa mayiyo asiye kulemba, agule mayunitsi, aimbe madzulo achimwene ali okha, ndipo simenti ikhale nkhani yokhayo ya foni imeneyo. Malata 32 a mafiti 10, geji 28, akhoza kuodedwa Loweruka monga anakonzera, chifukwa mayankho ake alipo kale.